Nyumba yogula ndi ngongole ya kubanki: mwini wake ndani, nanga mukasiya kubweza chimachitika n'chiyani?

Funso: Ine ndi amuna anga tapeza nyumba yomwe tikufuna kugula, koma ndalama zathu sizikukwana. A banki akuti akhoza kutibwereka, koma tiyambe tapereka dipoziti ya 20 peresenti, ndiponso nyumbayo ikhala chikole. Ngati nyumba ndi chikole kale, dipoziti ndi yachiyaninso? Mnzanga wa kuntchito anamulanda nyumba atabweza kwa zaka zisanu, ndipo akuti sanatsale ndi kalikonse. Nkhani imeneyi ikundisowetsa tulo. Kodi nafenso zikadzativuta, zonse zomwe tapereka zidzangolowa m'madzi? (Mayi wa ana atatu)

Yankho: Mayi, tiyambire pa umwini, chifukwa anthu ambiri amasokonezekera pomwepo. Mukagula nyumba ndi ngongole yotereyi, m'mayiko ambiri nyumbayo imalembedwa m'dzina lanu, osati m'dzina la banki. Mumakhalamo ngati eni ake. Denga likayamba kudontha wokonza ndinu, msonkho wa malo wolipira ndinu, ndipo mtengo wa nyumbayo ukakwera phindu lake ndi lanu. Banki imangotenga ufulu umodzi, koma ndi ufulu wamphamvu kwambiri: ikhoza kugulitsa nyumbayo kuti ipeze ndalama zake ngati inu mwaphwanya pangano la kabwezedwe. Tikamati nyumba ndi chikole timatanthauza zimenezi. Ufuluwo umalembedwa m'kaundula wa boma wa malo, pafupi ndi dzina lanu, kuti aliyense wofufuza za nyumbayo aone kuti ili pa ngongole. Kawirikawiri banki imasunganso chikalata cha umwini mpaka mutamaliza kubweza.

Pa zaka zonse za ngongoleyo, manja anu amakhala omangika pa zinthu zingapo. Simungagulitse nyumbayo popanda kuti banki ilandire kaye zake kuchokera pa ndalama za wogula. Simungaigwetse kapena kuisintha moti mtengo wake n'kutsika. Mapangano ambiri amafunanso kuti mupemphe chilolezo musanaikemo munthu wa lendi, ndiponso kuti nyumbayo ikhale pa inshuwalansi ya moto ndi ngozi zina nthawi zonse. Mukaganizira bwino, zimenezi n'zomveka: nyumba ikapsa, chikole chapsera pomwepo. Phindu lomwe inu mumapeza pomangika manja chonchi ndi lakuti banki imalolera kukubwerekani ndalama zambiri, kwa zaka 15, 20 kapena 25, pa chiwongoladzanja chotsikirapo kusiyana ndi ngongole yopanda chikole.

Tsopano dipoziti. Kuti timvetsetsane ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndangowasankha kuti masamu aoneke bwino. Inu mudzaikepo anuanu. Tinene kuti nyumbayo ikugulitsidwa pa 50 miliyoni. Dipoziti ya 20 peresenti ndi 10 miliyoni, ndipo banki ikubwerekani 40 miliyoni yotsalayo.

Choyamba dziwani kuti 10 miliyoni ija si malipiro a banki. Imapita kwa wogulitsa nyumba monga gawo la mtengo wake. Inu mukuponyapo 10, banki ikuponyapo 40, wogulitsa akulandira 50. Choncho ndalama yanu siinatayike, yangosanduka gawo lanu m'nyumbamo.

Chifukwa chomwe banki imaumirira dipoziti n'chakuti mtengo wa nyumba si chinthu chokhazikika. Lero ndi 50 miliyoni, koma tsiku lomwe banki ingakakamizike kuigulitsa mwina sidzafika pamenepo. Mwina msika udzakhala utagwa, mwina nyumbayo idzakhala itawonongeka, ndipo katundu wogulitsidwa mwachangu sapeza mtengo wabwino. Pamwamba pa izo padzakhala chiwongoladzanja chomwe chaunjikana ndi ndalama zolipira maloya. Banki ikanakubwerekani 50 miliyoni yonse, mtengo kungotsika pang'ono chikole sichikanakwana kubweza ngongole. Koma ikakubwerekani 40, mtengo ukhoza kutsika kufika pa 45, ngakhale pa 42, banki ikadali yotetezeka. Kutsika koyambirira konseko kumadya gawo lanu, osati lake. Kunena mosabisa, dipoziti ndi ndalama yomwe imayamba kutayika zinthu zikavuta. Palinso mfundo ina yomwe obwereketsa amaidziwa bwino: munthu amene waikapo thukuta lake la zaka zambiri sathawa nyumba mwachisawawa.

Komabe musaione dipoziti ngati mdani. Mukanapereka 5 peresenti yokha, ngongole yanu ikanakhala 47.5 miliyoni. Mtengo wa nyumba utatsika ndi 10 peresenti, kufika pa 45 miliyoni, mukanapezeka kuti ngongole yaposa nyumba, ndipo ngakhale mutafuna kuigulitsa kuti mumasuke, ndalama za wogula sizikanakwana kutseka ngongoleyo. Zimenezi zinachitikira mabanja mamiliyoni ku America pamene mitengo ya nyumba inagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi pakati pa 2006 ndi 2012. Ambiri mwa omwe anavutika kwambiri anali oti analowa m'nyumba ndi dipoziti yochepa zedi kapena opanda dipoziti n'komwe.

Pali misampha iwiri pa nkhani ya dipoziti yomwe ndikufuna muidziwe musanatulutse ndalama. Woyamba ndi wakuti banki siyendera mtengo womwe mwagwirizana ndi wogulitsa. Imatumiza katswiri wake woyeza mitengo ya nyumba, ndipo nthawi zambiri imabwereketsa potengera mtengo wotsika pa mitengo iwiriyo. Katswiriyo akanena kuti nyumbayo ndi ya 46 miliyoni, banki idzakupatsani 80 peresenti ya 46, yomwe ndi 36.8 miliyoni. Wogulitsa akakakamira pa 50, inu mudzayenera kupeza 13.2 miliyoni, osati 10 ija munakonzekera. Ndipo pambali pa dipoziti pamakhala ndalama za loya, za katswiri woyeza uja, msonkho wosinthira umwini ndi inshuwalansi, zomwe kawirikawiri zimachokera m'thumba mwanu. Msampha wachiwiri ndi ndalama yomwe wogulitsa amafuna kuti mupereke msanga pofuna kuti akusungireni nyumba. Musaipereke popanda pangano lolemba lonena kuti banki ikakana kukubwerekani, ndalamayo ibwerera kwa inu. Ndaonapo banja likutaya ndalama zomwe linasonkhanitsa kwa zaka chifukwa chosowa chiganizo chimodzi chokhachi m'pangano.

Tibwere kwa mnzanu uja. Kuti mumvetse zomwe zinamuchitikira, muyenera kuona momwe ndalama yobweza mwezi ndi mwezi imagawidwira, chifukwa m'menemo ndi momwe muli chinsinsi chonse.

Tinene kuti 40 miliyoni ija mwabwereka pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pa chaka, kwa zaka 20. Mwezi uliwonse muzibweza pafupifupi 440,400. Chiwongoladzanja cha 12 peresenti pa chaka ndi 1 peresenti pa mwezi, ndipo chimawerengedwa pa ngongole yomwe yatsala panthawiyo. Mwezi woyamba ngongole ndi 40 miliyoni yathunthu, choncho chiwongoladzanja chake ndi 400,000. Mukalandira sitetimenti yanu yoyamba mudzaona mizere iwiri: pa 440,400 yomwe mwapereka, 400,000 yapita ku chiwongoladzanja, ndipo ngongole yeniyeni yatsika ndi 40,400 yokha. Mwezi wachiwiri ngongole yachepa pang'ono, chiwongoladzanja nacho chichepa ndi timandalama pafupifupi 400, ndipo timandalama timeneto tipita kukachepetsa ngongole. Zimayenda chonchi pang'onopang'ono. Pa chitsanzo chathuchi, pamafunika zaka zopitirira 14 kuti gawo lochepetsa ngongole liyambe kuposa gawo la chiwongoladzanja.

Ndiye taonani zaka zisanu zikatha. Mwabweza miyezi 60 osaphonya, ndipo zonse pamodzi mwapereka pafupifupi 26.4 miliyoni. Munthu mumtima mwake amaganiza kuti pa 40 ija wadutsa kale theka. Koma ngongole yotsala imakhala ili pa 36.7 miliyoni. Yatsika ndi 3.3 miliyoni yokha. Zotsalazo, zopitirira 23 miliyoni, zinali zolipirira kugwiritsa ntchito ndalama za banki pa zaka zisanuzo, monga mmene munthu wa lendi amalipirira kukhala m'nyumba ya mwini. Ndalama imeneyo sibwerera, kaya mwamaliza ngongole kaya mwalephera. Si kuti banki yakuberani. Ndi momwe masamu a ngongole yaitali amayendera. Koma zimandipweteka kuti ambiri amasayina asanaonetsedwe mndandanda wa manambalawa, n'kudzaudziwa tsiku lomwe nyumba ikupita. Pemphani kuti akusindikizireni mndandanda wa kabwezedwe wa zaka zonse, mukhale nawo pansi ndi bambo a kunyumba, muuwerenge mzere ndi mzere.

Mukatero mudzaonanso kuti pofika kumapeto kwa zaka 20 mudzakhala mutapereka pafupifupi 105.7 miliyoni pa ngongole ya 40. Mutasankha zaka 15, pa mwezi muzipereka pafupifupi 480,000, koma zonse pamodzi zikhala 86.4 miliyoni. Kuwonjezera 40,000 pa mwezi kukupulumutsirani ndalama zoposa 19 miliyoni. Ngati thumba likulola popanda kudzifinya, zaka zochepa n'zabwino. Ngati silikulola, tengani zaka zambiri koma funsani ngati amalola kuponyapo ndalama yapadera mukaipeza, popanda chindapusa.

Chinthu china chomwe chimagwetsa anthu omwe ntchito yawo ikadalipo ndi kusintha kwa chiwongoladzanja. M'mayiko ena, monga America, n'zofala kubwereka pa chiwongoladzanja chosasintha kwa zaka 30. M'mayiko ambiri sizili choncho: chiwongoladzanja chimakwera ndi kutsika potsatira chomwe banki yaikulu ya dziko yakhazikitsa. Pa chitsanzo chathu, chitakwera kuchoka pa 12 kufika pa 16 peresenti pakutha pa zaka zisanu zija, ndalama ya pamwezi ingadumphe kuchoka pa 440,400 kufika pafupifupi 539,000. Malipiro anu sanakwere, koma banki ikufuna pafupifupi 100,000 yowonjezera mwezi uliwonse. Musanasayine, funsani kuti chiwongoladzanja chanu ndi cha mtundu uti, ndipo dzifunseni moona mtima ngati mungapirire chitakwera ndi 4 peresenti. Obwereketsa ambiri safuna kuti ndalama yobweza ipyole pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe banja limapeza pa mwezi. Ine ndinganene kuti malire amenewo muwaone ngati denga, osati poyambira.

Nanga mukasiya kubweza? Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo masiku enieni mudzawapeza m'pangano lanu ndi m'malamulo a kwanuko. Koma njira yake imafanana pafupifupi kulikonse, ndipo palibe banki yotsata malamulo yomwe imabwera ndi loko mwezi womwe mwaphonya koyamba.

Poyamba pamabwera foni, uthenga kapena kalata yokukumbutsani. Ndalama yomwe mwaphonyayo imayamba kubereka chiwongoladzanja chakechake, ndipo mapangano ambiri amaikapo chindapusa. Dzina lanu limatha kuperekedwa ku mabungwe osunga mbiri ya anthu obwereka, zomwe zimadzakuvutitsani mukafuna ngongole ina mtsogolo. Mabanki ambiri amayamba kuiona ngongole kuti yafika poipa ikatha masiku 90 osabwezedwa. Pamenepo nkhani imachoka m'manja mwa kalaliki amene munkamwetulirana naye, n'kupita ku ofesi yotolera ngongole kapena kwa maloya.

Kenako imabwera kalata yomwe ndikufuna muidziwe bwino. Imakhala yochokera kwa loya wa banki kapena yolembedwa mwalamulo, imatchula ndalama yomwe mwatsalira, n'kukupatsani masiku oti mulipire. Pafupifupi m'pangano lililonse la ngongole yotereyi muli ndime yonena kuti mukalephera kukonza zinthu m'masiku amenewo, banki ili ndi ufulu wofuna ngongole yonse nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Masikuwo asanathe, munthu amene waphonya miyezi itatu akufunika kupeza pafupifupi 1.3 miliyoni ndi chindapusa chake kuti abwerere m'njira. Akatha, banki ikhoza kunena kuti ikufuna 36.7 miliyoni yonse ndi chiwongoladzanja chake. Pa ntchito yanga ndakumanapo ndi anthu obwera ndi envulopu yotereyi ili yomatamata, itakhala m'kabati miyezi iwiri chifukwa ankaopa kuitsegula. Ndimawamvetsa, mantha ndi manyazi zimamanga munthu. Koma masiku amayamba kuwerengedwa kalatayo ikangoperekedwa, kaya mwaiwerenga kaya simunaiwerenge.

Pambuyo pake m'pamene banki imayamba njira yogulitsa. M'mayiko ena iyenera kupita kukhoti kaye. Ku England, mwachitsanzo, banki singatulutse munthu m'nyumba yomwe akukhalamo popanda chigamulo cha khoti, ndipo woweruza akhoza kuimitsa kaye nkhaniyo ngati mwininyumba waonetsa kuti atha kulipira zomwe anatsalira m'nthawi yoyenera. M'mayiko ena, pangano lomwe munasayina limapatsa banki mphamvu yogulitsa popanda mlandu, bola itapereka zidziwitso zomwe lamulo limafuna ndi kudikira masiku ake. Ku America malamulo a boma salola kuti njira yolanda nyumba iyambe mpaka munthu atatsalira masiku opitirira 120. Kawirikawiri nyumba imayezedwanso mtengo, imalengezedwa, kenako imagulitsidwa pa okushoni kapena kwa wogula amene wapezeka.

Apa pali ufulu wanu uwiri womwe anthu ambiri saudziwa. Woyamba ndi wakuti kufikira nthawi yomwe nyumba yagulitsidwa, mukhoza kuiwombola polipira ngongole yonse ndi zomwe banki yawononga. Wachiwiri ndi wakuti banki siloledwa kungoitaya nyumbayo pa mtengo uliwonse kuti ipeze zake zokha. M'malamulo a mayiko ambiri ili ndi udindo woyesetsa kupeza mtengo woyenera wa pamsika, ndipo ikagulitsa mosasamala, kapena mwachinyengo kwa munthu wake, mukhoza kuisumira.

Ndalama za wogula zikalowa zimagawidwa motsatira ndondomeko. Zimayamba kulipira zomwe zawonongedwa pogulitsa, monga maloya, woyeza mtengo, wochititsa okushoni ndi misonkho yomwe nyumbayo inatsalira. Kenako banki imatenga chiwongoladzanja ndi ngongole yake. Ngati pali wobwereketsa wachiwiri amene analembetsanso chikole pa nyumba yomweyo, amalandira pambuyo pa woyamba. Chotsala chilichonse ndi chanu. Banki siloledwa kusunga ngakhale kangachepe kopitirira zomwe inayenera kulandira.

Tiyeni tiike manambala. Mwasiya kubweza pakutha pa zaka zisanu, ngongole ili pa 36.7 miliyoni, ndipo papita chaka chathunthu kuti nyumba igulitsidwe. M'chaka chimenecho chiwongoladzanja chawonjezera pafupifupi 4.7 miliyoni, tisanawerengere chindapusa. Tinene kuti maloya ndi ogulitsa atenga 2 miliyoni. Zonse zomwe ziyenera kuchoka ndi 43.4 miliyoni. Nyumba ikagulidwa pa 48 miliyoni, inu mulandira 4.6 miliyoni. Munaikamo 10 ya dipoziti ndi 3.3 yomwe munachepetsa ngongole, koma mukutuluka ndi 4.6. Ikagulidwa pa 43 miliyoni, simulandira kalikonse. Ndikukhulupirira kuti zomwe zinamuchitikira mnzanu zikufanana ndi zimenezi: gawo lake linali laling'ono kuposa momwe ankaganizira, ndipo miyezi yodikira inalidya lonse. Ngati sanapatsidwe chikalata chosonyeza mtengo womwe nyumba inagulitsidwa ndi momwe ndalama zinagawidwira, mumuuze akachipemphe, ndipo ngati manambala ake sakumveka apite nacho kwa loya.

Koma nyumba ikagulidwa pa 38 miliyoni, patsala 5.4 miliyoni yosalipidwa. Ambiri amaganiza kuti nyumba ikapita ndiye kuti nkhani yatha. M'mayiko ambiri sizili choncho. Munasayina zinthu ziwiri: lonjezo lobweza ndalama, ndi chikole chotsimikizira lonjezolo. Chikole chikapanda kukwana, lonjezo likadalipo, ndipo paja akuluakulu anati mlandu suwola. Banki ikhoza kukutsatirani kukhoti kuti ilande katundu wina kapena izidula malipiro anu. Ku Spain, mavuto azachuma a 2008 atabuka, mabanja ambiri anataya nyumba n'kutsalabe ndi ngongole, ndipo nkhaniyi inautsa mkwiyo waukulu m'dzikomo. Kuli malo ochepa, monga zigawo za California ndi Arizona ku America, komwe lamulo limateteza munthu amene anabwereka pogula nyumba yokhalamo kuti asatsatiridwe pa ndalama yotsalayo. Musaganize kuti kwanu zili choncho musanafunse. Kungosiya makiyi kubanki n'kusamuka sikufafaniza ngongole pokhapokha banki italemba kuti yalandira nyumbayo m'malo mwa ngongole yonse.

Tsopano yerekezerani ndi munthu amene wachitapo kanthu msanga. Ntchito yamuthera, waona kuti siibwerera posachedwa, ndipo m'mwezi wachiwiri wapita kubanki n'kugwirizana nawo kuti agulitse yekha nyumbayo. Tinene kuti wogula wapezeka mwachangu pa 50 miliyoni, mtengo womwe iye anagulira. Ngongole yafika pa 37.4 miliyoni, wothandiza kugulitsa ndi loya atenga 2 miliyoni. Akutuluka ndi 10.6 miliyoni. Nyumba yataika ndithu, ndipo n'zowawa, koma ali ndi poyambira. Kusiyana kwa 10.6 ndi 4.6, kapena 10.6 ndi ngongole ya 5.4, kwabwera chifukwa cha miyezi ndi kagulitsidwe. Wogulitsa yekha amasesa pabwalo, amapaka penti, amadikira wogula wabwino. Obwera ku okushoni amabwera kudzafuna zotchipa, ndipo amadziwa kuti mwini wake alibe mawu.

Sikuti kugulitsa ndiyo njira yokhayo. Banki nayo sikonda kulanda nyumba: njirayo ndi yaitali, imadya ndalama, ndipo ngongole yoipa imadetsa mabuku ake. Mukapita msanga, muli ndi kalata yosonyeza chomwe chachitika komanso manambala a zomwe mungakwanitse, pali zingapo zomwe angakuchitireni. Akhoza kutalikitsa zaka kuti ya pamwezi itsike. Akhoza kulola kuti kwa miyezi ingapo muzilipira chiwongoladzanja chokha, chomwe pa chitsanzo chathu ndi pafupifupi 367,000 m'malo mwa 440,400. Akhoza kuphatikiza zomwe mwatsalira ku ngongole yonse kuti muyambirenso bwino. Ena amasamukira m'nyumba yaing'ono n'kuika ya ngongoleyo pa lendi, banki itavomera. Zonsezi zimakweza ndalama yomwe mudzapereke pamapeto, choncho n'zothandiza ngati vuto lanu ndi la kanthawi. Ngati ndalama zolowa zatsika ndipo sizidzabwereranso, kutalikitsa kumangochedwetsa tsoka uku gawo lanu likudyeka. Chilichonse chomwe mwagwirizana chilembedwe ndi kusayinidwa; mawu a pafoni sakutetezani. Ndipo chonde musakatenge katapira kuti mutseke mwezi wa kubanki. Chiwongoladzanja chake chimaposa cha banki kutalitali, ndipo mwezi wotsatira mudzakhala ndi okulondolani awiri.

Popeza mukugula awiri, mayi, onetsetsani kuti dzina lanu lili pa chikalata cha umwini, osati pa pangano la ngongole pokha. Mukasayina ngongole limodzi, kawirikawiri aliyense wa inu amakhala ndi udindo pa ngongole yonse, osati theka. Banja litasokonekera kapena mmodzi atasiya kulipira, banki idzafuna ndalama yonse kwa amene ikumupeza. Funsaninso za inshuwalansi ya moyo yomwe imatseka ngongole wobwereka akamwalira. Mabanki ambiri amaifuna, koma onani kuti ikuteteza ndani. Ngati ikuteteza bambo okha pomwe malipiro a nonse awiri ndi omwe akubweza ngongole, banja likhala pa mavuto tsoka likagwera inu. Imfa payokha sifafaniza ngongole. Popanda inshuwalansi, chikole chimakhalabe pa nyumba ndipo ana amalandira nyumbayo pamodzi ndi ngongole yake. Dziwaninso kuti inshuwalansi yotereyi nthawi zambiri siyikhudza kuchotsedwa ntchito pokhapokha zitalembedwa.

Banki ikadzanena kuti mubweretse wachibale woti akuimireni, kapena kuti nyumba ya makolo ikhale chikole chowonjezera, muganize kawiri. Munthu amene wakuimirani amasenza ngongole yanu inu mukalephera, ndipo nyumba yake ikhoza kugulitsidwa m'njira yomweyi ngakhale iye sanagwireko ndalama ya ngongoleyo. Ngati banki ikuona kuti dipoziti yanu ndi malipiro anu sizikukwana popanda nyumba ya amayi anu, ine ndingakulangizeni kuti mufune nyumba yotsika mtengo kapena mudikire chaka china mukusonkhanitsa.

Pangano lonse mulipereke kwa loya wanuwanu, osati wa banki kapena wa wogulitsa, ndipo mumupemphe akusonyezeni ndi chala ndime zitatu: yonena masiku omwe mumapatsidwa mukaphonya, yolola banki kufuna ngongole yonse nthawi imodzi, ndi yonena ngati ikhoza kugulitsa popanda kupita kukhoti. Loya yemweyo afufuze m'kaundula wa malo kuti wogulitsayo ndi mwini wake weniweni komanso kuti nyumbayo siili kale pa chikole kwina. Ngati malowo ndi obwereka kwa zaka zowerengeka, aone kuti zaka zotsala zikupyola kutali zaka za ngongole yanu. Tsiku lomwe mudzamalize kubweza, chikole sichidzafufutika chokha m'kaundula. Mudzatenge kubanki kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha pamodzi ndi chikalata chanu cha umwini, mukalembetse ku ofesi ya malo kuti dzina la banki lichotsedwe, kenako mudzapemphe kuti akusindikizireni zomwe zalembedwa pa nyumbayo kuti muone ndi maso anu kuti lachokadi.